Giredi ya Malipiro: Mayankho a Ofesi Yoona za Antchito

"Pa kalata yanga alembapo giredi ndi manambala atatu. Malipiro anga ndi ati pamenepa?"

Mwa manambala atatuwo, palibe imene ikunena malipiro anu, ndipo chiyambire tsiku limene makalata odziwitsa wantchito aliyense giredi ya ntchito yake anagawidwa takhala tikubwereza mawu amenewa kwa aliyense wobwera ku ofesi. Nambala yoyamba ndi malire apansi, ndiye kuti malipiro otsikitsitsa amene munthu wa giredi imeneyo angalandire. Yomaliza ndi malire apamwamba. Yapakati ndi malipiro amene bungwe limaona kuti ndi oyenera munthu amene waidziwa bwino ntchito yake ndipo akuigwira popanda womutsogolera. Malipiro anuanu alembedwa pa mzere wina, ndipo ali penapake pakati pa malire awiriwo.

"Giredi ndi ya munthu kapena ya ntchito?"

Ndi ya ntchito, moti inu mukachoka, wodzalowa m'malo mwanu adzaipeza giredi yomweyo.

"Ndani anagamula kuti ntchito yanga ikhale mu giredi imeneyi? Ndiponso digiri yanga yatsopano bwanji sinawerengedwe?"

Anagamula si bwana wanu, ngakhale kuti ambiri akuwaloza chala mabwana awo. Ntchito iliyonse imayezedwa kulemera kwake potengera chikalata chofotokoza udindo wake, ndipo njira zoyezera n'zodziwika. Njira ya Paterson imagawa ntchito m'magulu 6, kuyambira A mpaka F, poona mtundu wa ziganizo zimene wogwira ntchitoyo amaloledwa kupanga yekha, kuyambira wotsatira malangizo okhazikika mpaka wokonza mfundo za bungwe lonse. Njira ya Hay imapereka mapointi pa zinthu zitatu: luso limene ntchitoyo imafuna, kuvuta kwa nkhani zimene munthu amayenera kuziganizira ndi kuzithetsa, ndi kukula kwa zimene adzayankhepo zinthu zikalakwika. M'njira zonse ziwiri, chimene chimayezedwa ndi zofuna za ntchito, osati zonse zimene munthu wabwera nazo. Ngati ntchitoyo imafuna dipuloma, digiri yanu siisuntha giredi, ngakhale ingakuthandizeni pofunsira udindo wina wapamwamba. Tikudziwa kuti yankho ili silikoma kwa munthu amene wavutika ndi sukulu zaka zingapo.

"Ndingadziwe bwanji ngati ndili pansi, pakati kapena pamwamba pa giredi yanga?"

Pali masamu awiri osavuta, koma musanawayambe onetsetsani kuti mwatenga nambala yoyenera. Malire a giredi amanena za malipiro enieni a pamwezi asanachotsedwe msonkho ndi penshoni, komanso asanaphatikizidwe ndi maalawansi. Ambiri amene abwera atakwiya anatenga ndalama zimene zimalowa ku banki, zomwe zadulidwa kale, n'kuona ngati ali kunsi kwa malire apansi. Ena anaphatikiza alawansi ya nyumba ndi ya mayendedwe, n'kumadziyesa kuti anadutsa kale pakati pamene sanafikepo n'komwe.

Titenge chitsanzo chongopeka, chimene si malipiro a munthu aliyense m'bungwe muno. Giredi ina ili ndi malire apansi 800,000, pakati 1,000,000, ndi malire apamwamba 1,200,000. Mayi wina wa mu giredi imeneyi amalandira 920,000.

Masamu oyamba ndi ogawa malipiro ndi nambala yapakati: 920,000 kugawa ndi 1,000,000 kukupereka 0.92. Izi zikutanthauza kuti mayiyu amalandira 92 peresenti ya malipiro apakati. Yankho likakhala 1.00, munthu ali pakati penipeni. Likaposa pamenepo, wadutsa. Mu giredi yotambalala ngati iyi, aliyense amapezeka pakati pa 0.80 ndi 1.20.

Masamu achiwiri amaonetsa mtunda umene munthu wayenda kuchokera pansi. Chotsani malire apansi pa malipiro: 920,000 kuchotsa 800,000 kutsala 120,000. Kenaka pezani kutalika kwa giredi yonse: 1,200,000 kuchotsa 800,000 kutsala 400,000. Mukagawa 120,000 ndi 400,000 mupeza 0.30, ndiye kuti mayiyu wayenda 30 peresenti ya ulendo wonse. Manambala awiriwa, 92 ndi 30, akunena za munthu mmodzi yemweyo, ndipo apa ndi pamene anthu asokonezeka kwambiri, chifukwa wina akamva 92 amaganiza kuti watsala pang'ono kufika pamwamba. Zoona zake n'zakuti mayiyu watsala pang'ono kufika pakati chabe, ndipo gawo lalikulu la giredi likadali kutsogolo kwake. Mayi yemweyu akanaphatikiza maalawansi ake a 150,000, akanapeza 1,070,000 n'kumakhulupirira kuti ali pa 1.07, zimene si zoona.

M'mabungwe amene giredi imagawidwa m'makwerero okhazikika, oti munthu amakwera limodzi chaka chilichonse, masamu awa sachita kufunika kwenikweni, pakuti kungodziwa kuti muli pa khwerero lachitatu mwa makwerero 10 kwakuuzani kale pamene muli.

"Ndagwira ntchito zaka 6 koma sindinafikebe pakati. Kodi akundidyera masuku pamutu?"

Sitingayankhe kuti inde kapena ayi popanda kuona fayilo ya munthu payekha, ndipo tikupempha kuti zimene tinene pano zisatengedwe ngati lonjezo la kuwonjezera malipiro. Kawirikawiri gawo lapansi la giredi limakhala la amene angolowa kumene kapena angokwezedwa kumene, gawo lapakati ndi la amene ntchito aidziwa bwino, ndipo lapamwamba ndi la amene akhalitsa ndiponso akhala akuposa zimene amayembekezeka kuchita kwa zaka zambiri. Choyamba kufunsa ndi chakuti zaka 6 zimenezo mwazigwira mu giredi yomweyi kapena ayi. Munthu amene anakwezedwa chaka chatha amayambira chapansi pa giredi yatsopano, ngakhale atakhala kuti wakhala m'bungwe zaka 15. Chachiwiri ndi zotsatira za kuunika kagwiridwe ka ntchito chaka ndi chaka, pakuti kumene kukwera kumadalira zotsatirazo, kuchuluka kwa zaka pakokha sikumusuntha munthu.

Komabe tiyenera kuvomereza kuti ngati mwakhala mu giredi imodzi zaka zonsezo, zotsatira zanu zili zabwino chaka chilichonse, koma mukadali cha m'ma 0.85, pali chifukwa chomveka chofunsira. Nthawi zina zimachitika kuti munthu anavomera malipiro otsika pa tsiku lolembedwa ntchito, ndipo popeza zowonjezera zonse zimawerengedwa pa peresenti ya malipiro amenewo, kusiyanako kumangomutsatira chaka ndi chaka. Nkhani zotere zimaunikidwa imodziimodzi, ndipo kukonza kwake kumadalira bajeti.

"Chaka chino anandiwonjezera 7 peresenti, koma nditawerengera ndapeza kuti ndabwerera m'mbuyo. Ndalakwitsa masamu?"

Mwina simunalakwitse. Funso ili sitinaliyembekezere, koma lafunsidwa kangapo ndipo ndi lomveka. Malire a giredi nawonso amasunthidwa kuti agwirizane ndi zimene olemba ntchito ena akulipira pa ntchito zofanana, ndipo sikuti amasuntha mofanana ndi malipiro a munthu aliyense. Tibwerere kwa mayi uja. Giredi yake itakwezedwa ndi 10 peresenti, malire apansi afika 880,000, pakati 1,100,000, ndipo pamwamba 1,320,000. Iye atawonjezeredwa 7 peresenti, malipiro ake afika 984,400. Ndalama zachuluka ndithu, koma 984,400 kugawa ndi 1,100,000 kukupereka pafupifupi 0.89, pamene chaka chatha anali pa 0.92, ndipo mtunda wake kuchokera pansi watsika kuchoka pa 30 kufika pafupifupi pa 24 peresenti. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: nthawi iliyonse imene peresenti yanu yachepa poyerekeza ndi peresenti imene giredi yasunthidwa nayo, mwatsetsereka. Zikachitika chaka chimodzi si nkhani yaikulu, koma zikachitika zaka zitatu zotsatizana, munthu wakale amapezeka ali pafupi ndi malipiro a wolowa kumene. Sitikukana kuti zimenezi zachitikira ena.

"Kodi dongosolo la magiredi silikuthandiza kuti pasakhale kukondera?"

Likuthandiza, chifukwa ntchito zolemera mofanana tsopano zili ndi malire ofanana, ndipo bwana sangamupatse munthu malipiro opitirira malirewo mwa kufuna kwake.

"Mnzanga wangolembedwa kumene mu giredi yanga, koma ndamva kuti akulandira kuposa ine. Palinso wina amene ndimamuyang'anira amene akundiposa. Zikutheka bwanji?"

Sitiloledwa kukamba za malipiro a munthu wina, ndipo si zonse zimene zimamveka m'makonde zimene zili zoona. Tingofotokoza mmene zingachitikire. Wolembedwa kumene sakakamizidwa kuyambira pa malire apansi. Akabwera ndi zaka zambiri pa ntchito yomweyo, kapena luso lake likakhala losowa, akhoza kuikidwa pafupi ndi pakati. Malipiro ake amatengera mmene zinthu zilili lero, pamene a munthu wakale akula pang'onopang'ono kuchokera pa nambala ya zaka zapitazo.

Za woyang'aniridwa kuposa womuyang'anira, chifukwa chake n'chakuti magiredi oyandikana amalowerana, ndipo anakonzedwa dala motero. Ngati giredi yotsatira pamwamba pa ya chitsanzo chathu choyamba ili ndi pakati 1,150,000, malire ake apansi akhoza kukhala 920,000 ndi apamwamba 1,380,000. Munthu wokhalitsa mu giredi yapansi amene afika 1,150,000 aposa bwana wake watsopano amene wayambira pa 950,000, ndipo palibe lamulo la dongosololi limene laphwanyidwa. Kusiyana kwawo kuli kutsogolo: wokhalitsayo watsala ndi 50,000 yokha kuti afike pa malire, pamene bwanayo ali ndi mpata wa 430,000. Kumene kusiyana kwa malipiro pa ntchito yofanana sikungafotokozedwe ndi zaka, luso kapena kagwiridwe ka ntchito, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo iyenera kulembedwa ngati dandaulo.

"Ndafika pamwamba penipeni. Ndiye kuti basi, sindidzawonjezeredwanso?"

Malipiro anu adzasuntha pokhapokha malire apamwamba akasunthidwa, kapena mukakwezedwa kupita ku giredi ina. Mabungwe ena amapereka ndalama ya kamodzi m'malo mowonjezera malipiro a pamwezi, koma ndalama yotere nthawi zambiri siwerengedwa pa penshoni. Amene ntchito yawo inatsitsidwa giredi ndipo apezeka pamwamba pa malire atsopano sadulidwa malipiro. Amangoima pomwepo mpaka malirewo atawapeza.

"Ndikuona kuti giredi yanga ndi yolakwika. Ndibwere ndi chiyani?"

Bwerani ndi chikalata chofotokoza udindo wanu pamodzi ndi umboni wa maudindo atsopano okhazikika amene simunali nawo pamene ntchitoyo inkayezedwa, monga anthu amene tsopano mukuwayang'anira kapena ziganizo zimene tsopano mumapanga nokha. Kuchuluka kwa ntchito ya mtundu womwewo sikusintha giredi, ndipo kugwirizira udindo wa wina kwa miyezi yochepa kumalipidwa ndi alawansi yake yapadera. Dziwaninso kuti ntchito ikayezedwanso, giredi ikhoza kukwera, kukhala pomwepo, kapenanso kutsika.