Fulashi pa foni: yambani mwakopera, kufufuta kubwere pambuyo

Mayi wina wogulitsa zitenje anabwera pa benchi yanga yokonzera mafoni atagwira foni kumanja, fulashi kumanzere. Foni inali itadzaza moti kamera inkakana kujambula, ndipo zambiri zomwe zinadzazamo zinali zithunzi ndi mavidiyo a ukwati wa mwana wawo. "Achimwene, akuti izi zitha kulowa umu popanda kompyuta, n'zoona?" anandifunsa. N'zoona ndithu, ndipo chofunika ndi kachipangizo kochepa ngati chala cha mwana, kotchedwa OTG. Koma pa ntchito yooneka yophwekayi ndi pomwe ndaonapo anthu ambiri akutaya zithunzi zomwe sangazijambulenso, n'chifukwa chake ndikufuna ndifotokoze mmene tinachitira ndi mayiwa.

Foni ikalumikizidwa ku kompyuta, kompyuta ndiyo imalamula ndi kupereka moto, foni imangomvera. Fulashi ilibe batire, nayonso imadikira woilamula ndi kuipatsa moto. Ntchito ya OTG ndi kuuza foni kuti ulendo uno ndiyo ikhale yolamula, ndipo foni ikamva zimenezo imatulutsa mavoti 5 pabowo lochajira n'kuyamba kuwerenga fulashi. Pa mafoni a bowo lakale la micro-USB, lija losalala mbali imodzi, muli timapini 5, ndipo kamodzi mwa ito ndi komwe kamapereka uthengawu. Ndiye chifukwa chake si kachipangizo kalikonse kolowa pabowopo komwe kangagwire ntchitoyi. Pogula, yang'anani bowo la foni yanu kaye, ngati ndi micro-USB kapena USB-C lija lolowa mbali zonse, ndipo muyesere pomwepo pamaso pa wogulitsa.

Tinalowetsa fulashi mu OTG, OTG mu foni, ndipo sipanaoneke kanthu. Mayiwa anayamba kudandaula kuti agula fulashi yakufa. Sinali yakufa. Mafoni ambiri a Tecno, Infinix, Oppo ndi Realme ali ndi poyatsira OTG mu Settings, ndipo pa ambiri mwa iwo imazima yokha ikakhala mphindi 10 osagwiritsidwa ntchito. Njira yachidule ndi kutsegula Settings n'kulemba OTG pamalo ofufuzira. Titayatsa, pamwamba pa sikirini panabwera uthenga woti fulashi yalumikizidwa. Zikanakanikabe, ndikanachotsa chikavala cha foni, chifukwa chokhuthala chimatsekereza kachipangizoka kufika mkati, kenako ndikanayang'ana fumbi la m'thumba lomwe limaunjikana pabowo. Zonsezi zikalephera, pali mafoni ena otsika mtengo, makamaka akale, omwe anapangidwa opanda OTG, ndipo palibe pulogalamu yomwe mungaikemo kuti isinthe zimenezo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa mpoopsa kwambiri. Nthawi zina foni imaiona fulashi koma n'kulemba kuti ili ndi vuto kapena siyikugwirizana nayo, n'kukuonetsani batani lolembedwa Format. Ngati mu fulashimo muli chilichonse chomwe mukuchifuna, musalikhudze batanilo. Format imafufuta zonse. Kawirikawiri fulashiyo imakhala yabwinobwino, kungoti inakonzedwa m'njira ya NTFS ya makompyuta a Windows, yomwe mafoni ambiri saiwerenga. Izuleni, mukaitsegule pa kompyuta, musunge zam'katimo kwina, kenako ndi pomwe mungaganize zoikonzanso.

Fulashi ya mayiwa inali yatsopano, ya 32 GB, yopanda kanthu. Tinatsegula pulogalamu ya mafayilo. Pa Samsung imatchedwa My Files, pa mafoni ena File Manager kapena Files. Zojambulidwa ndi kamera zimakhala mu foda ya Camera, yomwe ili m'kati mwa foda ya DCIM, ndipo mmenemo tinapezamo zinthu za 11 GB. Mukadina fayilo imodzi osachotsa chala, imasankhika, kenako mumasankha zinazo, ndipo foni imakupatsani mawu awiri oyandikana: Copy ndi Move. Mayiwa anafuna Move, poti cholinga chawo chinali kupeza malo m'foni. Ndinawaletsa. Move imalemba fayilo mu fulashi n'kuifufuta m'foni nthawi yomweyo, mwini wake asanaone ngati yafikadi bwino. Fulashi ikakhala yachinyengo kapena kachipangizo kakagwedera pa nthawi yolakwika, mutha kutsala opanda kope labwino kulikonse. Copy imasiya zonse m'foni mpaka inuyo mutakhutira.

Tinasankha Copy, n'kuloza ku fulashi, n'kuika foni pathebulo osaigwiranso. Batire linali pa 70, zomwe zinali bwino, chifukwa foni ndiyo ikudyetsa fulashi moto ndipo bowo lochajira latsekedwa ndi OTG. Mafulashi wamba amalemba pang'onopang'ono. Ikamalemba 10 MB pa sekondi, 6 GB imatenga mphindi pafupifupi 10, ndipo tizithunzi tambirimbiri timachedwa kuposa vidiyo imodzi yaikulu. Fulashi kutentha pang'ono pa nthawiyi si vuto.

Zonse zinadutsa kupatula fayilo imodzi: vidiyo ya mwambo wa kutchalitchi, ya 5 GB, yomwe wojambula mavidiyo anawaikira m'foni. Foni inakana, pomwe mu fulashi munali malo opitirira 20 GB. Anthu ambiri amasokonezeka apa. Vuto si malo, koma kakonzedwe ka fulashi. Mafulashi ambiri a 32 GB kutsika m'munsi amabwera ali pa FAT32, yomwe pafupifupi chipangizo chilichonse chimaiwerenga, koma salola fayilo imodzi kupitirira 4 GB ngakhale fulashi itakhala yopanda kanthu. Yopanda malire amenewa ndi exFAT, yomwe mafulashi a 64 GB kupita m'mwamba amakonda kubwera nayo. Mafoni ambiri atsopano amaiwerenga, koma ena akale ayi, ndipo mawailesi a m'galimoto ndi ma TV ena amangodziwa FAT32. Popeza mayiwa ankafuna azikaonera zithunzi pa TV kunyumba, fulashi yawo tinaisiya pa FAT32, ndipo vidiyo yaikuluyo inatsala m'foni kudikira fulashi ina ya exFAT.

Mzere wosonyeza kukopera utafika kumapeto, dzanja la mayiwa linapita ku fulashi kuti azule. Ndinawagwira pamkono. "Dikirani kaye, mayi, isanatsanzike." Foni imatha kunena kuti yamaliza pomwe zina ikadazisunga m'kati, isanazilembe mu fulashi, ndipo kuzula pa nthawi imeneyo kumaononga fayilo yomaliza, nthawi zina ngakhale ndandanda yonse ya mafayilo. Kokani sikirini kuchokera pamwamba, pa uthenga wa fulashi mudine Eject kapena Unmount, mudikire foni inene kuti mutha kuchotsa.

Kenako tinailowetsanso, ndipo ichi ndi chomwe ndimachitenga ngati chiyeso chenicheni. Kutsegula mafayilo musanazule sikutsimikizira kanthu kwenikweni, chifukwa foni ikhoza kukuonetsani zomwe ikukumbukirabe. Pali mafulashi achinyengo olembedwa 64 GB kapena 128 GB pomwe m'kati muli malo ochepa kwambiri: mayina a mafayilo amaoneka onse, kukula kwake kumaoneka kolondola, koma mukatsegula ena, vidiyo siyiyenda ndipo chithunzi chimangokhala chotuwa. Choncho tinayerekeza chiwerengero cha mafayilo m'foni ndi mu fulashi, chinasiyana ndi imodzi yokha ija. Tinatsegula zithunzi zoyambirira, zapakati ndi zomalizira, ndipo mavidiyo tinkawakokera mpaka chakumapeto kuti tione ngati akuyenda.

Atakhutira, mayiwa anafufuta m'foni mavidiyo aafupi a kumadyerero ndi zithunzi zobwerezabwereza, ndipo malo opitirira 4 GB anapezeka. Zithunzi za akwati ndi makolo ndinawapempha kuti asazifufute mpaka atazikoperanso mu fulashi yachiwiri, chifukwa fulashi imafa osadwala, ndipo iyi inali yoti izikhala m'kachikwama kamodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo.