Odi si moni: amayamba ndani kulonjera pakhomo pa eni?

Ndaphunzitsa Chichewa kwa zaka zambiri kuno ku Nkhotakota, ndipo alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi akabwera kumene kudzagwira ntchito m'midzi yathu, nthawi zina ndimapemphedwa kuti ndicheze nawo za makhalidwe a anthu amene akukawatumikira. Funso limene silisowa ndi lakuti: tikafika pakhomo pa munthu wamkulu, tiyambe ndife kupereka moni kapena tidikire? Ambiri anakula akuuzidwa kuti wamng'ono ndiye amayamba. Mawuwo si abodza, koma pakhomo pa eni sagwira ntchito momwemo. Pakhomo, woyamba kulonjera ndi mwini khomo, kaya ndi gogo wa zaka 80 ndipo mlendoyo ndi mnyamata wa zaka 20.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti timatchula "moni" zinthu zitatu zosiyana. Pali odi, amene ndi mawu a mlendo opempha kuti aonedwe. Pali moni weniweni, wofunsa za moyo, umene ndi wa mwini khomo. Pomalizira pamabwera malonje, pamene mlendo amafotokoza za ulendo wake ndi chimene wadzera. Mlendo amayamba choyambacho, amadikira chachiwiri, ndipo chachitatu amanena akafunsidwa.

Mlangizi wina wa zaumoyo, mtsikana wa zaka 24 wokulira m'tauni, anandifotokozera zimene zinamuchitikira m'mudzi wina kufupi ndi Chia. Anapita kwa nyakwawa kukapempha kuti amemeze amayi za katemera wa ana. Anafika pa njinga mpaka pansi pa mtengo wa mango pamene mfumuyo inakhala, n'kutsika, n'kutambasula dzanja ali chiimire. "Muli bwanji amfumu? Ndabwera pa nkhani ya katemera." Amfumu anayankha kuti, "Ndili bwino." Anathera pomwepo. Akazi awo, amene ankapeta mpunga pakhonde, sanadzuke kukatenga mkeka. Mtsikanayo ananena zimene anadzera, anauzidwa kuti "tamva", ndipo tsiku la katemera kunabwera amayi owerengeka.

Iye ankaganiza kuti wachita ulemu poyamba kupereka moni. Zizindikiro zoti zinthu zalakwika zinalipo, koma sanaziwerenge. Munthu akakuyankha "ndili bwino" osabweza "kaya inu", akukuuza kuti wamudumpha. Mkeka kapena mpando ukapanda kutuluka, ndiye kuti sunalandiridwe ngati mlendo, wangoonedwa ngati wodutsa. Ndipo "tamva" wopanda funso lililonse pambuyo pake kawirikawiri amatanthauza kuti nkhani yathera pomwepo.

Ndinamuuza kuti abwererekonso, ndipo tinayeserera limodzi. Atsike njinga asanalowe pabwalo, pafupi ndi nkhokwe kapena pamene kusesa kwathera, aziikankha. Aime poonekera, anene kuti "Odi kuno!" n'kudikira. Akamva "Odini" kapena "Eee, fikani", asendere, ndipo akapatsidwa mkeka akhale pansi, miyendo ataiwongola kapena kuipinda cham'mbali, chitenje chitaphimba maondo. Kenaka akhale chete. Apa ndi pamene anthu a m'tauni amavutika, chifukwa kachetechete wa mphindi imodzi kapena ziwiri amaoneka ngati chidani. Si chidani. Eni khomo akukonzeka: mayi akusamba m'manja, akumanga bwino chitenje, bambo akuvala malaya. Mlendo nayenso akupatsidwa mpata woti apume, thukuta liume. Kufunsa munthu za moyo wake akadali wefuwefu, kapena iwe manja ali ndi gaga, n'kumupeputsa.

Ulendo wachiwiriwo amfumu anayamba okha. "Tikupatseni moni, mayi." Iye anawomba m'manja pang'ono n'kuti, "Zikomo, amfumu." Anafunsidwa za moyo wake, anayankha n'kubweza kuti "kaya inu", anafunsidwa za kumene wachokera ndi amene wawasiya kunyumba. Akazi a amfumu anabwera, n'kugwada chapatali pang'ono, n'kubwereza mafunso omwewo, ndipo ana nawo anadza mmodzimmodzi. Aliyense amalonjera payekha, ndipo alendo akakhala atatu amalonjeredwa mmodzimmodzi kuyambira wamkulu. Zonsezi zitatha m'pamene amfumu anafunsa kuti, "Kaya n'kwabwino?" Funso limeneli ndilo limatsegula malonje. Anayamba ndi "Kwabwino ndithu", kenaka nkhani ya katemera ija. Zonse sizinapitirire mphindi khumi, ndipo madzulo a tsikulo nduna inayenda m'mudzi kulengeza.

Nanga msinkhu ukulowa pati? Msinkhu sumusintha woyamba kulankhula pakhomo, umasintha amene asunthe thupi. Gogo akamalonjera mlendo wachinyamata sadzuka. Amalankhula ali pomwe akhala, ndipo wachinyamatayo ndiye amanyamuka pa mkeka, n'kusendera chowerama, n'kugwada kapena kunjuta kuti mutu wake usapitirire wa gogoyo. Akapatsidwa dzanja amalilandira ndi lamanja, lamanzere litagwira pamkono wamanjawo. Mlendo akakhala wamkulu kuposa eni khomo, eni khomowo ndiwo amapita pamene wakhala. Lamulo la dzanja ndi losavuta: wamng'ono satambasula dzanja kwa wamkulu, amadikira kuti alipatsidwe, ndipo likapanda kubwera amawomba m'manja.

Panjira m'posiyana, chifukwa njira ilibe mwini. Apa m'pamene mawu aja akuti wamng'ono ayambe amagwira ntchito, komabe chimene amayamba nacho ndi ulemu, osati mafunso. Amapatuka pang'ono, amavula chipewa, amati "Wawa" kapena "Zikomo", ndipo wamkuluyo akafuna kucheza amaima n'kufunsa za moyo. Wopeza anzake atakhala, monga asodzi akusoka ukonde pagombe, ndiye amayamba ndi "zikomo" wakeyo ngakhale akhale wamkulu kwa onsewo. M'nyumba momwe mwagona limodzi mabanja amasiyana. Ena amaphunzitsa mwana kupita kukanena "Mwadzuka bwanji" kwa makolo, ena amafuna kuti mwana angogwada pafupi, kholo ndilo lifunse. Mlendo wogona pakhomo aonetsetse m'mawa woyamba mmene ana a pamenepo akuchitira.

Kuno kunyanja palinso china chimene munthu wochokera ku Dedza kapena ku Mchinji sachiyembekezera. Kuyambira nthawi ya a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene anabweretsa Chisilamu kuno m'zaka za m'ma 1800, Achewa ambiri a ku Nkhotakota ndi Asilamu, ndipo ku Salima nakonso Asilamu ndi ambiri, makamaka m'mbali mwa nyanja. Chisilamu chimaphunzitsa momveka kuti wamng'ono apereke salamu kwa wamkulu, woyenda kwa wokhala pansi, wokwera kwa woyenda pansi, ndi gulu lochepa kwa gulu lalikulu. Choncho pakhomo la Chisilamu mudzamva mlendo akuyamba ndi "Asalamu alaikumu", eni khomo n'kuyankha "Wa alaikumu salamu". Ena amaona ngati izi zikutsutsana ndi mwambo wa Chichewa, koma ine ndikuona kuti anthu anazilumikiza bwino. Salamu imakhala m'malo mwa odi kapena pambali pake. Mkeka umatulukabe, ndipo "Muli bwanji" amayambabe ndi mwini khomo.

Pa za amuna ndi akazi ndimachenjeza kwambiri anyamata. Mwamuna asayambe kutambasulira dzanja mkazi wa mwini, makamaka pakhomo la Chisilamu, pamene amayi ambiri sagwirana chanza ndi mwamuna amene si mbale wawo. Mayi akakhala mwini khomo amayamba ndiye kulonjera, koma amachita zimenezi atagwada chapatali, ndipo mwamunayo amayankha akuwomba m'manja, osamuyang'anitsitsa m'maso. Kumutchula ndi dzina la mfunda, a Nabanda kapena a Naphiri, kapena ndi dzina la mwana wake, kumaposa kumutchula dzina lake lenileni. Ndikudziwa kuti atsikana ena ophunzira amadandaula ndi kugwada, ndipo dandaulo lawo ndimalimva. Chimene ndimawauza n'chakuti mwamuna wamakhalidwe naye saima chilili mayi atagwada. Amakhala pansi kapena kunjuta. Mwamuna amene amalandira moni wa mayi wogwada iye ataima, manja ali m'thumba, ndiye waphwanya mwambo.

Pali ubale umodzi umene umaposa malamulo onsewa, wa mkamwini ndi apongozi ake aakazi. M'midzi ya chikamwini awiriwa amapewana. Akakumana panjira amapatuka, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kulonjerana atanjuta, nkhope zitayang'ana kumbali, ndipo kugwirana chanza kulibe. Mlendo akaona zimenezi asaganize kuti pali mkangano. M'mabanja ambiri lero mwambowu wafewa, koma mkamwini watsopano adikire kuti apongoziwo ndiwo aonetse kuti waufewetsa.

Udindo umaposa msinkhu ndiponso umaposa zoti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Mfumu yaikazi, ndipo zilipo zambiri kuno kwa Achewa, imalandira ulemu wa ufumu kuchokera kwa madoda oiposa zaka. Mnyamata akalongedwa ufumu, akuluakulu amene anamuona akukwawa amamuwombera m'manja pabwalo. Ukamakwera kuchoka kwa nyakwawa kupita kwa gulupu mpaka kwa mfumu yaikulu, monga a Malengachanzi kapena a Mwadzama kuno, kapena a Kalonga ku Salima, mtunda umakulirakulira. Kumeneko sulunjika kwa mfumu. Umafikira kwa nduna, imakukhazika, imamva malonje ako, n'kukawatula, ndipo mfumu imakulonjera nthawi yake ikakwana. Koma mfumu yomweyo ikabwera pakhomo pako yasanduka mlendo wako. Uipatse mpando, ukhale pansi, ulonjere ndiwe.

Zimenezi zimafikanso mu ofesi, ndipo apa m'pamene ndimamva chisoni kawirikawiri. Agogo akalowa mu ofesi kapena m'chipinda cha kuchipatala n'kuima chete pakhomo, sikuti ndi amwano kapena sadziwa chimene adzera. Akudikira mwini malo. Kalaliki wa zaka 25 amene wakhala kuseri kwa tebulo ndiye mwini khomo pamenepo, ndipo ndi iye woyenera kunena kuti, "Khalani apa agogo. Muli bwanji?" Akangoti "Mukufuna chiyani?" wadumpha moni n'kulowa m'malonje, ndipo agogo ambiri akatero amafotokoza theka la vuto lawo.

Malo amodzi amene moni wofunsa za moyo sayambidwa ndi aliyense ndi pamaliro. Ukafika pasiwa sunena odi mokweza, ndipo sufunsa namfedwa kuti ali bwanji. Amayi amalowa m'nyumba momwe muli anamfedwa, abambo amakhala panja pamodzi ndi amuna anzawo, aliyense mwakachetechete. Pakapita kanthawi umasendera kwa mwini maliro kapena mkulu wa banja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani ndi zovutazi." Amayankha kuti "Zikomo", iwe n'kubwerera pamalo pako.