Tchizi cha paniri: cholemera chopsinjira chikhalepo nthawi yaitali bwanji, ndipo lita imodzi ya mkaka itulutsa magalamu angati?

Paniri ndi tchizi cha ku India chomwe sichisungunuka pamoto, n'chifukwa chake amachikazinga n'kuchiika mu ndiwo za masamba kapena za nsawawa. Lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe wosachotsa mafuta imatulutsa magalamu 150 mpaka 200. Mkaka wa njati zoweta za ku India, poti ndi wamafuta ambiri, umapitirira magalamu 200. Mukapeza ochepera 120, kawirikawiri mkakawo unathiridwa madzi kapena unachotsedwa mafuta.

Tiyerekeze kuti muli ndi malita 2. Tenthetsani mkakawo mukutakasa kuti usapserere, ndipo ukangoyamba kufufuma, phulani. Udikireni mphindi 5 kuti kutentha kutsike kufika pa madigiri 75 mpaka 80, kenaka thirani madzi a mandimu pang'onopang'ono, masupuni aakulu 4 mpaka 6, mukutakasa mofatsa. Mkaka ugawikana ngati chambiko. Maso anu akhale pa madzi otsalawo: akadali oyera ngati mkaka, onjezerani mandimu, koma akasanduka achikasu chobiriwirako ndi ooneka mpaka pansi, lekani. Mandimu akachuluka, tchizi chimawawasa ndipo chimakhala chamchengamchenga. Mkaka wa m'mapaketi wolembedwa UHT umapanga timibulu tating'ono tovuta kugwirana, choncho wabwino ndi watsopano.

Sefani pa nsalu yopyapyala yoyera, tsukuluzani pang'ono ndi madzi kuti kuwawasa kuchoke, ndi kupachika nsaluyo mphindi 10. Musadikire kuti mibulu izizire, chifukwa imamatana bwino ikadali yofunda.

Pindani nsaluyo kuti mtanda ukhale wophwatalala, wochindikala masentimita 2 kapena 3, mfundo ikhale pambali kuti isaboole pakati. Ikani mbale pamwamba ndi kutsamiza cholemera makilogalamu 2 kapena 3. Poto wokhala ndi malita 3 a madzi amakwana. Pa mphindi 20 mpaka 30 tchizi chimakhala chofewa, choyenera kuchinyenyanyenya mu ndiwo. Chofuna kudula timabokosi tokazinga chimafunika mphindi 45 mpaka ola limodzi. Mukapitirira maola 2 madzi amatha, ndipo chimauma moti mumpeni chimangoyoyoka, mkamwa n'kumatafunika ngati mphira.

Sikelo isakupusitseni pano. Malita 2 aja angalemere pafupifupi magalamu 400 mukapsinja pang'ono, n'kutsika kufika cha m'ma 320 mukapsinja nthawi yaitali, koma chomwe chachoka ndi madzi basi. Kuyesa kwabwino ndi chala: dinani pakati, pabwerere pang'ono osatuluka madzi.

Mukachotsa nsalu, viikani mtandawo m'madzi ozizira kwambiri kwa mphindi 30 kuti ulimbe ndi kudulika bwino. Mu furiji chimakhala masiku 3 kapena 4, ndipo chikayamba kuterera pamwamba chatha ntchito. Madzi achikasu aja musataye, ku India amakandira ufa wa chapati.