Kodi kudya shuga ndi kumene kumayambitsa matenda a shuga?

Takulandirani omvera nonse kuno ku Mzuzu ndi madera ozungulira, ku Chibavi, ku Luwinga, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa, ndi kulikonse kumene wailesiyi ikumveka. Funso la lero ife azaumoyo timalimva kawirikawiri, makamaka munthu akangouzidwa zotsatira za magazi. Wina amati, "Adokotala, zatheka bwanji? Ine tiyi ndimamwa wopanda shuga." Wina amagwira pakamwa nkunena kuti ndi maswiti aja ankapatsa mwana.

Yankho langa ndi lakuti ayi, shuga wa m'paketi sasanduka matenda mwachindunji. Koma musathamangire kukawonjezera masipuni m'kapu, chifukwa shugayo ali ndi njira yake yozungulira imene amafikira ku matendawa, ndipo njirayo tiyenda nayo limodzi.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. Munthu aliyense wamoyo ali ndi shuga m'magazi, ngakhale amene sanalawepo shuga wa ku Dwangwa chibadwire. Nsima, kondowole, mpunga wa Kilombero, mbatata, buledi, zonsezi zikagayidwa m'matumbo zimasanduka shuga wotchedwa gulukosi, ndipo ndi amene amapatsa thupi mphamvu. Usiku tikagona, chiwindi chimatulutsanso gulukosi wina amene chinasunga kuti ubongo usasowe chakudya. Kuseri kwa chifu kuli kachiwalo kotchedwa kapamba, kamene kamapanga inshulini. Ntchito ya inshulini ili ngati ya wakabaza amene amanyamula katundu pamsika nkukamutula pakhomo: imachotsa shuga m'magazi nkumulowetsa m'minofu kuti akagwire ntchito. Mwa munthu wopanda vuto, ngakhale amwe tiyi wotsekemera kwambiri, shuga amakwera pang'ono, inshulini imatuluka, ndipo pakatha maola awiri kapena atatu zonse zimabwerera m'malo.

Matenda a shuga amayamba pamene inshuliniyo yasowa, kapena ilipo koma thupi silikuimvera. Vuto lili pamenepo.

Pali mtundu woyamba, umene umagwira kwambiri ana ndi achinyamata. Mwa amenewa chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka nkuwononga tizigawo ta kapamba topanga inshulini. Chakudya chimene mwanayo ankadya sichikhudzidwa nkomwe. Amayi ndi abambo amene muli ndi mwana wotere, ndikupemphani, lekani kulozana zala pa nkhani ya maswiti kapena Sobo. Simunalakwe. Mwanayo akufunika jakisoni wa inshulini tsiku lililonse, ndipo akamaulandira bwino amapita kusukulu nkukula ngati anzake.

Mtundu wachiwiri ndi umene uli ndi anthu ambiri, oposa 90 pa anthu 100 alionse odwala shuga. Umabwera mwakachetechete, kwa zaka. Minofu ndi chiwindi zimayamba kusamvera inshulini, kapamba nkumapanga yochuluka kuti akwaniritse ntchito, mpaka amatopa. Zimene zimakankhira munthu kumeneko tikuzidziwa: kukhala ndi kholo kapena m'bale wa bere limodzi wodwala shuga, kukula msinkhu, mafuta a pamimba, ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi. Amayi amene shuga anakwera ali oyembekezera, kapena anabereka mwana wolemera makilogalamu oposa 4, nawonso ayenera kukhala tcheru. Kafukufuku amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti anthu 5 kapena 6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matendawa.

Nanga shuga wa m'kapu akulowa pati? Tiyerekeze bambo wa zaka 45, amagwira ntchito yokhala pansi m'tauni, amakhala ku Katoto, ndipo amayi ake anadwalapo shuga. M'mwezi wa Juni, ndi kuzizira kwa kuno kumene tonse tikukudziwa, amamwa makapu awiri a tiyi, kapu iliyonse masipuni aang'ono atatu. Sipuni yaing'ono yosasefukira imanyamula shuga wolemera pafupifupi magalamu 4, ndiye kuti tiyi yekha wam'patsa magalamu 24. Masana amagula botolo la chakumwa chozizilitsa kukhosi la mamililita 300. Zakumwa zambiri zotere zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100 alionse, choncho m'botolomo muli magalamu 30 kapena kuposerapo, masipuni 8 amene iye sanawaone akuthiridwa. Tsikulo wafika kale magalamu oposa 50. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku, ndipo likuti kukhala pa 25 nkwabwino koposa. Bamboyu pamwezi akumwa shuga woposa kilogalamu imodzi ndi theka, yekha.

Choipa cha shuga wa m'zakumwa nchakuti sakhutitsa. Munthu amamwa botolo lonse, nsima nkudyabe mitanda yake yomwe ija. Zimene thupi silinagwiritse ntchito, chiwindi chimazisandutsa mafuta, ndipo mafuta ounjikana m'mimba ndi m'chiwindi ndi amene amachititsa thupi kusamvera inshulini. Nchifukwa chake ofufuza amapeza kuti anthu omwa zakumwa zotsekemera tsiku ndi tsiku amadwala mtundu wachiwiri kuposa anzawo. Shuga wathandizira, inde, koma kudzera m'mafuta, patapita zaka, ndiponso mwa munthu amene magazi a kwawo anali kale ndi chiopsezo.

Tsopano tiyang'ane mbale ya bambo yemweyu. Ufa woyera wolemera magalamu 100 uli ndi sitachi woposa magalamu 70, ndipo pafupifupi yense amasanduka gulukosi. Ngati nsima yake ya masana ndi madzulo yatenga ufa wa magalamu 200, thupi lalandira magalamu oposa 140, kuposa kutali wa m'tiyi ndi m'botolo uja. Sindikunena kuti nsima ndi yoipa, ayi. Agogo athu ankadya nsima yambiri, koma ankalima, kusinja, kutunga madzi, kukwera zitunda wapansi, ndipo minofu inkatentha zonsezo. Bambo wathuyu amatuluka m'nyumba nkukwera njinga yamoto, kutsika pakhomo la ofesi, kukhala mpaka madzulo. Atasiya shuga lero koma mbale nkukhala yomweyo, mimba nkumakulabe, chiopsezo sichinachoke.

Apa ndi pamene chikhulupiriro chija chimandidetsa nkhawa kwambiri. Munthu amene amakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi shuga basi, akakhala kuti sakonda zotsekemera amadziona wotetezeka, ndipo sapita kukayezetsa. Ludzu likamuvuta amati ndi dzuwa. Akamadzuka kanayi usiku kukataya madzi amati ndi kuzizira. Akayamba kuwonda anzake amanong'onezana za matenda ena, kapena zoti walodzedwa. Chikhalirecho zizindikirozi zili ndi chifukwa chomveka. Shuga m'magazi akapitirira pafupifupi 10 mmol/L pa makina oyezera shuga, impso zimalephera kumubweza ndipo amatayikira mumkodzo. Shugayo amakoka madzi, ndiye mkodzo umachuluka, thupi limauma, ludzu silitha. Ena amazindikira ataona nyerere zikuunjikana pamene akodza. Ena amabwera ndi bala la kuphazi limene lakana kupola, maso osaona bwino, kapena dzanzi kumapazi, ndipo pamenepo matenda amakhala atakhala m'thupi kwa zaka. Munthu wochepa thupi, wosauka, wa kumudzi, nayenso amadwala shuga. Si matenda a mabwana okha.

Kuyezetsa sikuvuta. Amabaya kachala, kadontho ka magazi nkuika pa kachipangizo, nambala nkutuluka pomwepo. Kuyeza kwabwino ndi kwa m'mawa, mutakhala maola 8 osadya kanthu kupatula kumwa madzi. Nambala ikakhala 7.0 mmol/L kapena kuposerapo, imasonyeza matenda a shuga, ndipo nthawi zambiri timabwereza tsiku lina kuti titsimikize. Makina ena amawerenga mwa mtundu wina, ndipo 7.0 yemweyo amaoneka ngati 126 mg/dL, choncho mukaona nambala yaikulu funsani kaye kuti makinawo akuwerenga motani. Kuyambira 6.1 mpaka 6.9 ndi chenjezo, matenda sanakhazikike koma ali pakhomo. Tiyerekeze kuti bambo wathu uja wapeza 6.5. Ameneyo akadali ndi mpata waukulu. Kafukufuku wa ku Amereka amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatenga anthu a pachenjezo chotere, nkuwathandiza kuti ayesetse kutsitsa thupi ndi magawo 7 pa 100 komanso kuyenda mwandawala mphindi 150 pamlungu. Chiopsezo chawo chinatsika ndi magawo 58 pa 100. Kwa bambo wa makilogalamu 85, amenewo ndi makilogalamu 6 okha, ndi kuyenda mphindi 30 masiku asanu pamlungu. M'malo mwa botolo la masana azimwa madzi, masipuni atatu atsike kufika imodzi, nsima ikhale ya mgaiwa ndi yocheperako, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke. Atengenso tepi ya telala ayeze mimba chapamchombo: kwa abambo ikapitirira masentimita 94, kwa amayi 80, ndiye kuti mafuta a m'mimba achuluka. Ku chipatala chachikulu cha Mzuzu amayeza shuga, ndipo ku chipatala chimene muli nacho pafupi funsani ngati ali ndi zoyezera.

Ena amati shuga wofiirira kapena uchi ndiye zabwino. Thupi silisiyanitsa kwenikweni, zonsezo zimakweza shuga m'magazi. Ena amati popeza matenda ndi otsekemera, chowawa chiwachotsa, nkuyamba kumwa madzi a nimu atasiya mapiritsi a shuga a metifomini amene analandira kuchipatala. Kuwawa kwa pakamwa sikubwezeretsa inshulini. Amene amachita zimenezi amabwerera kwa ife shuga atakwera koopsa.

Chikhulupiriro china chingathe kutayitsa moyo tsiku lomwelo, choti wodwala shuga asakhudzenso shuga zivute zitani. Munthu amene amabaya inshulini, kapena kumwa mapiritsi ena otsitsa shuga, akachedwa kudya kapena akagwira ntchito yolemetsa, shuga amatha kutsika kufika pansi pa 4. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, mtima kugunda, kulankhula zosagwirizana ngati waledzera. Pamenepo mankhwala ake ndi shuga yemweyo. Ngati akutha kumeza, sungunulani masipuni aang'ono anayi m'madzi amwe, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera. Dikirani mphindi 15, ngati sanasinthe bwerezani, ndipo akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka, musamuthire chilichonse m'kamwa chifukwa angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala, mukafika muwauze anamwino kuti ndi wodwala shuga ndiponso mankhwala amene amamwa.