Wayifayi ikamaduka laputopu ikangodzuka

Mwatseka laputopu osaizimitsa, mwabwerako mwatsegula, wayifayi kulibe, kapena yalumikiza kenako yadukanso. Ambiri amathamangira kukazimitsa rauta, koma taonani kaye foni yanu. Ngati foni ili pa wayifayi yomweyo ndipo zinthu zikutseguka bwinobwino, rauta isiyeni. Vuto lili pa adaputa, kachipangizo ka mkati mwa laputopu kamene kamagwira wayifayi.

Laputopu ikagona, Windows imachepetsa kapena kudula magetsi opita ku adaputa kuti batire lisathe msanga, nde ikadzuka dalaiva, kapulogalamu koyendetsa adaputayo, imayenera kuidzutsanso, ndipo madalaiva ena amakanika pomwepa. Mudziwa kuti ndi zimenezi ngati mukazimitsa wayifayi pa laputopupo nkuyatsanso, intaneti ikubwera pompopompo.

Dinani mabatani a Windows ndi R limodzi, mulembe:

```
devmgmt.msc
```

Mukadina OK itseguka Device Manager. Mmenemo tsegulani Network adapters, mudine kawiri pa dzina limene lili ndi Wireless kapena Wi-Fi, mupite pa Power Management. Chotsani kachizindikiro pa "Allow the computer to turn off this device to save power", kenako OK.

Apa mpomwe ambiri amasiyira, chonsecho pali malo achiwiri. Titenge laputopu imene ikakhala pa chaja imadzuka bwino koma pa batire imaduka, ngakhale kachizindikiro kaja mwachotsa. Imeneyo pitani ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, mupeze Wireless Adapter Settings kenako Power Saving Mode. Muona mizere iwiri, On battery ndi Plugged in, ndipo kawirikawiri wa chaja umakhala pa Maximum Performance pomwe wa batire uli pa Medium Power Saving, kusiyana kwake nkumeneko. Ikani yonse pa Maximum Performance, chotsani chaja, igonetseni mphindi zingapo muidzutse muone. Batire lizitha msangako pang'ono, zoona, koma kwa ine bola zimenezo kusiyana nkumadukidwa pakati pa ntchito.

Power Management ija ikasowa musadandaule kuti mwasokoneza penapake. Dinaninso Windows ndi R, mulembe cmd kuti mutsegule Command Prompt, kenako mulembe izi mmenemo:

```
powercfg /a
```

Ikaonetsa kuti S0 Low Power Idle ilipo, laputopu yanu imagona mwa mtundu watsopano ndipo pa ambiri otere malo amenewa saoneka. Zikatere chimathandiza kwambiri ndi dalaiva, itengeni pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopuyo molingana ndi modelo yake, ndipo ngati vutoli layamba dalaiva itangosinthidwa, yesani Roll Back Driver pa Driver mu Device Manager momwe muja. Mukamaliza dinani Restart osati Shut down, chifukwa Fast Startup ikakhala yoyatsa, Shut down imasunga mmene madalaiva analili nkuwabwezeretsa choncho mukayatsa.