Kasipuni ka magalamu 30 sikapereka mapuloteni a magalamu 30

"Ndikathira m'phala kasipuni ka magalamu 30 a ufa wa mapuloteni, ndiye kuti ndawonjezera mapuloteni okwana magalamu 30?" anafunsa mnyamata wina wonyamula zitsulo ku Luchenza.

Ayi, achimwene. Kasipuniko kamayeza ufa wonse, kuphatikizapo mafuta, shuga ndi zokometsera, choncho muyenera kuwerenga zolembedwa papaketi. Ngati akuti mapuloteni ndi magalamu 80 pa magalamu 100 alionse, mwathira 24 basi. Mgaiwa wa magalamu 50 uli ndi pafupifupi 4, ndiye mbale yonse ndi 28, osati 34. Mgaiwawo muziuyeza usanalowe mumphika, chifukwa phala lopsa limalemera ndi madzi, omwe alibe mapuloteni.

Ufa wa chimanga wowonjezeredwa mavitamini ndi ayironi susintha masamuwa ngakhale pang'ono. Umene umakweza mapuloteni ndi wosakaniza ndi soya, monga Likuni Phala.