Kodi ndi umphawi umene umachititsa anthu kudzipha?

"Anthu amadzipha chuma chikagwa chifukwa cha umphawi, eti?"

Ambiri amatero, koma ziwerengero zimene Émile Durkheim, katswiri wa ku France wofufuza za chikhalidwe cha anthu, anasanthula mu 1897 zikukana. Iye anapeza kuti odzipha amachulukadi chuma chikagwa, monga ku Vienna, likulu la Austria, mu 1873, komanso amachuluka chuma chikakwera mwadzidzidzi, monga ku Italy pambuyo pa 1870. Madera amene panthawiyo anali osaukitsitsa ngati Ireland ndi Calabria, dera la kumwera kwa Italy, anali ndi odzipha ochepa.

Vuto limeneli analitcha anomi: zinthu zikasintha mofulumira, miyambo ndi malamulo oika malire pa zokhumba za anthu zimafooka, munthu n'kusowa pogwira. Komabe tisamale, ziwerengerozi zimafotokoza za gulu lonse. Sizingatiuze chimene chinavuta munthu mmodzi, ndipo kumene kudzipha n'kochititsa manyazi, imfa zina zimalembedwa ngati ngozi.